Mugonako masiku angati? Kawerengedwe ka masiku a ulendo kuti musayende mwaphuma

Anthu ambiri akamakonza ulendo wokaona malo amayambira pa masiku amene ali nawo. Munthu wapatsidwa tchuthi cha sabata imodzi, ndiye amatenga malo onse amene mtima wake ukufuna n'kuwakanikizira m'masiku 7 amenewo ngati zovala m'chikwama chaching'ono. Ine ndinayenda motero kwa zaka zingapo, ndipo ndinkabwerera kunyumba ndi zithunzi zambiri za malo amene sindikuwakumbukira bwino. Tsopano ndimayamba ndafunsa kuti malowo akufuna nthawi yochuluka bwanji, kenaka n'kuona ngati nthawi yomwe ndili nayo ikukwana. Ikapanda kukwana ndimachotsako zina ndikadali kunyumba, chifukwa kuzichotsa ndili kale pa ulendo kumapweteka mtima.

Tigwirizane kaye tanthauzo la phuma. Kutanganidwa pakokha si phuma, chifukwa munthu akhoza kuyenda tsiku lonse, kutopa ndithu, koma osamva kuti akuthamangitsidwa. Phuma limayamba pamene chinthu chimodzi chikachedwa, chotsatira chake chimagwa. Basi yachedwa ndi mphindi 40, ndiye kuti tikiti yanu ya 2 koloko yapita. Mwaima pa malo okongola, koma maso ali pa wotchi. Choncho cholinga cha kuwerengaku n'kupeza masiku okwanira oti chinthu chimodzi chikasokonekera, ulendo wonse usasokonekere nawo.

Choyamba: werengani masiku athunthu okha

Tengani pepala, mulembe tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka, kenaka muwerenge kuti mugonako kangati. Pa nambala imeneyo muchotsepo imodzi. Yotsalayo ndiyo masiku anu enieni. Mukafika Lachisanu n'kunyamuka Lolemba, pa kalendala zikuoneka ngati masiku anayi, koma mwagonako katatu ndipo masiku athunthu ndi awiri okha, Loweruka ndi Lamlungu.

Tsiku lofika limatha ndi zinthu zimene sitiziganizira. Mukatsika ndege pali mzere woonetsa ziphaso, pali kudikira katundu, kenaka ulendo wochoka ku bwalo la ndege kupita mumzinda, ndipo mabwalo ambiri a ndege ali kutali ndi pakati pa mzinda. Mahotela ambiri sapereka chipinda isanakwane 2 kapena 3 koloko masana. Tsiku lonyamuka nalonso n'chimodzimodzi. Chipinda mumayenera kuchisiya pakati pa 10 ndi 12 koloko, ndipo ngati ndege yanu ndi yopita kunja kwa dziko mumalangizidwa kufika ku bwalo kutatsala maola atatu. Zotsala za masiku awiriwa muziziona ngati basera. Mukhoza kuzungulira pafupi ndi pogona panu, kuphunzira pokwerera basi, kupeza pogula madzi, koma musaikepo chinthu chachikulu chimene mwadzera, makamaka chimene tikiti yake ili ndi ola loikika.

Lamulo lomweli limagwira ntchito nthawi iliyonse imene mukusamuka pogona. Anthu amanena kuti mzinda winawo uli pafupi, ndi maola awiri okha pa ndege. Tawerengani bwino. Kulongedza ndi kubweza kiyi, ola limodzi. Kupita ku bwalo la ndege, mphindi 45. Kudikira, maola awiri. Mlengalenga, maola awiri. Kutenga katundu ndi kukafika pogona patsopano, ola limodzi ndi theka. Apa maola oposa 7 apita, kutanthauza kuti tsikulo latha. Ngakhale pa sitima ya pamtunda kapena basi, kusamuka kulikonse kumadya theka la tsiku kapena kuposa. N'chifukwa chake ulendo wa masiku 8 wokhala ndi pogona panayi umamveka waphuma kuposa wa masiku 6 wokhala ndi pogona pawiri.

Chachiwiri: lembani zimene mwadzera, muzigawe patatu

Lembani zonse zimene mukufuna kuona kapena kuchita, osadziletsa. Mukatero muzigawe m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la zinthu zimene mukabwerera osaziona mudzamva kuti ulendo unalephereka. Gulu lachiwiri ndi la zimene mungasangalale nazo kwambiri koma mukhoza kuzisiya osadandaula nthawi yaitali. Lachitatu ndi la zimene mwangomva kuti alendo amapitako.

Gulu loyamba lisapitirire zinthu zitatu kapena zinayi pa malo amodzi. Apa ndi pamene pamavuta, chifukwa mukamawerenga za mzinda uliwonse wotchuka chilichonse chimaoneka chosati n'kuchisiya. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Funso limene limandithandiza ndi ili: kodi ndikanakhala kuti sindidzauza aliyense kuti ndinafikako, ndikanapitabe? Zinthu zambiri zimatsikira ku gulu lachitatu ndikangodzifunsa zimenezi. Ngati mukuyenda awiri kapena banja lonse, aliyense alembe gulu lake loyamba payekha musanakambirane. Kawirikawiri mumapeza kuti wina akufuna mapiri pomwe wina akufuna nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndipo masiku ofunika ndi a zonse ziwiri kuphatikiza.

Masiku amawerengedwa kuchokera ku gulu loyamba ndi lachiwiri. Gulu lachitatu silipatsidwa tsiku ayi, limadikira mpata ukapezeka.

Chachitatu: yezani ndi theka la tsiku

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Musakonze ulendo ndi maola, chifukwa maola amanyenga. Pa pepala tsiku limaoneka ngati lili ndi maola 12 oti mudzazemo zinthu zisanu. Koma munthu wamba amene wadzuka, kusamba, kudya, n'kutuluka cha m'ma 9 koloko, amakhala ndi mphamvu yoona ndi kumvetsa zinthu kwa maola 6 kapena 7 basi. Ndiye ndi bwino kuligawa tsiku pawiri, chigawo cha m'mawa ndi chigawo cha masana, ndipo chigawo chilichonse chinyamule chinthu chachikulu chimodzi. Madzulo ndi odya, kupuma ndi kuyendayenda popanda ndondomeko.

Tsopano chinthu chilichonse pa pepala lanu chipatseni zigawo zake, ndipo muyeze kuchokera pakhomo la pogona panu mpaka kubwerera kapena kufika pa chinthu chotsatira. Nthawi imene imalembedwa m'mabuku a alendo nthawi zambiri imakhala ya mkati mokha. Akati malo awa amafuna maola awiri, sanawerengere ulendo wopitako, mzere wa pachipata, kusechedwa zikwama, kufunafuna chimbudzi, ndi kukhala pansi pang'ono miyendo ikatopa. Ine ndimaonjezera ola limodzi ndi theka pa nthawi iliyonse yotere, ndipo kawirikawiri zimandikwanira ndendende. Choncho chinthu cha maola awiri chimadya chigawo chathunthu. Tinthu ting'onoting'ono toyandikana, monga tchalitchi chakale, bwalo ndi msewu wotchuka zimene zili m'dera limodzi, tikhoza kulowa m'chigawo chimodzi pamodzi. Malo aliwonse amene ali pa mtunda woposa ola limodzi kupita kokha, apatseni zigawo ziwiri, tsiku lonse, ngakhale mutamva kuti ena amapita n'kubwerako m'mawa womwewo.

Nthawi yoyenda muione pa mapu a pa foni, koma muione pa ola limene mudzayendedi. Msewu umene umatenga mphindi 20 usiku ukhoza kutenga ola lathunthu nthawi imene anthu akupita kapena kuweruka ku ntchito. Ndipo nthawi ya oyenda pansi imene mapu amapereka ndi ya munthu wodziwa njira amene sakuima pena paliponse. Mlendo amaima, amasochera, amajambula, choncho muionjezere ndi theka lake.

Pali chinthu china chimene pepala silionetsa, ndicho kutopa kwa maso ndi mutu. Mukaona zinthu zamtundu umodzi motsatizana, chachiwiri chimalowa pang'ono ndipo chachitatu sichilowa n'komwe. Nyumba zosungiramo zinthu zakale ziwiri zikuluzikulu tsiku limodzi ndi kutaya ndalama za tikiti yachiwiri. Ngati m'mawa munali m'nyumba mukuwerenga ndi kumvetsera, masana mukhale panja. Zimenezi nthawi zina zimatalikitsa ulendo ndi tsiku, chifukwa zinthu zitatu zofanana zimafuna masiku atatu osiyana ngakhale kuti zigawo zake n'zitatu zokha.

Chachinayi: ikani zigawozo pa mapu ndi pa kalendala yeniyeni

Nambala ya zigawo payokha sikwanira. Zinthu ziwiri za chigawo chimodzi chimodzi zimakwana tsiku limodzi pokhapokha ngati zili mbali imodzi ya mzinda. Ikani chizindikiro pa mapu pa chilichonse, muone zimene zaunjikana pamodzi. Mulu uliwonse ndi tsiku. Chinthu chimene chatsala chokha kutali chimafuna tsiku lakelake kapena chichoke pa pepala.

Kenaka onani masiku otseka. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Louvre ku Paris imatseka Lachiwiri lililonse. Nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican zimatseka Lamlungu, kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi, pamene anthu amadzaza kwambiri. M'mizinda yambiri ya ku Ulaya Lolemba ndi tsiku limene malo otere ambiri amakhala otseka. Munthu amene ali ndi masiku athunthu awiri ku Roma, Lamlungu ndi Lolemba, ali ndi nthawi yochepa kuposa amene ali ndi Lachitatu ndi Lachinayi, ngakhale nambala ili yofanana. Onaninso maholide a dzikolo, komanso malo amene tikiti yake imagulidwiratu ndipo imalembedwa ola lolowera. Tikiti ya ola loikika ili ngati chikhomo chokhomedwa pakati pa tsiku, zina zonse zimazungulira pamenepo. Ine sindilola zikhomo ziwiri tsiku limodzi pokhapokha pakati pake pali maola osachepera asanu.

Kutalika kwa usana nakonso kumasintha kawerengedwe. M'maiko akutali ndi pakati pa dziko lapansi, dzuwa limalowa mochedwa m'chilimwe ndipo limalowa msanga m'nyengo yozizira. Ku London mu Disembala kumada isanakwane 4 koloko masana, pomwe mu Juni kumawala mpaka kupitirira 9 koloko usiku. Ndondomeko imene imakwana masiku atatu mu Juni ikhoza kufuna anayi mu Disembala ngati zambiri zili zapanja.

Chachisanu: onjezani za thupi ndi za nyengo

Nambala imene mwapeza pofika pano ndi ya ulendo umene chilichonse chikuyenda bwino, ndipo ulendo wotere sindinauonepo. Pa masiku athunthu atatu aliwonse, onjezani chigawo chimodzi chopanda kanthu. Ndicho chimene chimameza mvula, mutu wopweteka, basi yolakwika, kapena malo amene mwawakonda ndipo mukufuna kubwererako. Ngati pa gulu lanu loyamba pali chinthu chodalira nyengo, monga boti, kukwera phiri kapena kuona nyama, mpatawo ukhale tsiku lathunthu, ndipo ukhale kumapeto kwa ulendo, pomwe chinthu chodalira nyengocho muchiike kumayambiriro. Mukachiika tsiku lomaliza ndiye kuti mwachipatsa mwayi umodzi wokha.

Thupi nalo lili ndi masiku ake. Mukapita ku dziko limene nthawi yake ikusiyana ndi ya kwanu ndi maola ambiri, tulo timasokonekera, ndipo kuyerekeza kofala n'kwakuti thupi limafuna pafupifupi tsiku limodzi pa ola lililonse la kusiyanako kuti lizolowere, makamaka mukapita chakum'mawa. Simuyenera kugona masiku onsewo, koma ngati kusiyana kukuposa maola asanu, tsiku loyamba lathunthu muliwerenge ngati chigawo chimodzi chokha. Malo okwera kwambiri ndi nkhani ina. Munthu akafika mwadzidzidzi pa malo opitirira mamita 2,500 kuchokera pa nyanja yamchere akhoza kudwala mutu, kuchita nseru ndi kupuma movutikira chifukwa cha kuchepa kwa mpweya. Mzinda wa Cusco ku Peru, kumene alendo ambiri amadzera popita ku mabwinja a mzinda wakale wa Machu Picchu, uli pa mamita pafupifupi 3,400. Kumeneko tsiku loyamba kapena awiri ndi oyenda pang'onopang'ono basi, ndipo amene sawawerengera masikuwo amakawalipira ali chigonere.

Ngati muli ndi ana aang'ono, okalamba kapena wina woyenda movutikira, werengani chigawo chimodzi chachikulu pa tsiku. Masana akhale a zinthu zopepuka zapafupi. Pa ulendo wa gulu, liwiro limakhala la munthu woyenda pang'onopang'ono kwambiri, ndipo gulu la anthu 6 limatenga nthawi yaitali kutuluka pakhomo, kudya ndi kugwirizana kolowera kuposa anthu awiri.

Tiyese ndi Cape Town

Tiyerekeze kuti mwamuna ndi mkazi wake akufuna kukaona mzinda wa Cape Town ku South Africa koyamba, m'mwezi wa Disembala. Poyamba akuganiza zogonako katatu, poti amva kuti masiku atatu amakwana.

Gulu lawo loyamba lili ndi zinthu zitatu: chilumba cha Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, phiri la Table Mountain, ndi ulendo wa ku Cape Point, nsonga ya mtunda yolowa m'nyanja, podzera ku Boulders Beach kumene kuli mbalame za m'nyanja zotchedwa pengwini. Gulu lachiwiri lili ndi munda wa maluwa ndi mitengo wa Kirstenbosch, komanso pakati pa mzinda, kuphatikizapo nyumba yosungiramo zinthu zakale ya District Six Museum ndi dera la Bo-Kaap. Gulu lachitatu lili ndi tawuni ya Stellenbosch ndi kukhala pa mchenga m'mphepete mwa nyanja.

Tiyeze chimodzichimodzi. Ku Robben Island amapita pa boti lonyamukira ku doko la V&A Waterfront, tikiti yake ili ndi ola loikika, ndipo ulendo wonse, boti popita, kuzungulira chilumba ndi ndende, ndi boti pobwera, umatenga pafupifupi maola anayi. Mukaonjeza kufika msanga pokwerera ndi kuchoka kogona, ndi maola asanu. Chimenechi ndi chigawo chimodzi chodzaza kwambiri, ndipo ndi malo olemera mumtima, oti munthu akachokako safuna kuthamangira chinthu china chachikulu. Ku Table Mountain ngolo yoyenda pa chingwe imafika pamwamba m'mphindi pafupifupi zisanu zokha, ndipo apa ndi pamene anthu amanyengekera. Mu Disembala alendo amachuluka, mzere wa pansi ukhoza kutalika, pamwamba pamafunika ola limodzi kapena awiri kuti muyende m'tinjira take, ndipo potsika palinso mzere. Chigawo chimodzi chathunthu. Cape Point ili pa mtunda wa makilomita oposa 60 kuchokera mumzinda, ola limodzi ndi theka pa galimoto popanda kuima, koma palibe amene amapita osaima chifukwa msewu womwewo ndi mbali ya zoti muone. Pamodzi ndi Boulders Beach, pafupi ndi tawuni ya Simon's Town, limeneli ndi tsiku lonse, zigawo ziwiri. Kirstenbosch chigawo chimodzi. Pakati pa mzinda chigawo chimodzi, popeza malo akewo ndi oyandikana.

Zonse pamodzi ndi zigawo 6, kutanthauza masiku athunthu atatu. Apa pokha taona kale kuti kugonako katatu sikukwana, chifukwa kumapereka masiku athunthu awiri okha.

Tsopano nyengo. Zinthu ziwiri mwa zitatu za gulu loyamba zimadalira mphepo. Ngolo ya pa chingwe imatsekedwa mphepo ikakula, ndipo nthawi zina phiri limaphimbidwa ndi mtambo moti ngakhale mutakwera simuona kanthu. Maboti a ku Robben Island nawo amaimitsidwa nyanja ikawinduka. M'miyezi ya chilimwe, kuyambira cha mu Novembala mpaka Febuluwale, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imaomba kawirikawiri mumzindawu. Ndiye banjali likufunika tsiku lathunthu lopanda ndondomeko. Zigawo zakwana 8, masiku athunthu anayi, kugonako kasanu. Atafika Lolemba masana anyamuke Loweruka.

Kandandalikidwe kake kangakhale motere. Lolemba afike, akhazikike, ayende pafupi. Lachiwiri m'mawa akwere boti la ku Robben Island, masana ayende pang'onopang'ono pakati pa mzinda. Lachitatu m'mawa akayang'ana phiri n'kuona kuti lili poyera ndipo mphepo palibe, akwere pomwepo, masana apite ku Kirstenbosch, umene uli kuseri kwa phiri lomwelo. Ngati phiri laphimbika kapena mphepo yakula, asinthanitse ndi tsiku la ku Cape Point. Lachinayi apite ku Cape Point kapena ku phiri, malingana ndi zimene zachitika dzulo lake. Lachisanu ndi la chilichonse chimene chinalephereka, ndipo ngati zonse zinatheka, ndilo tsiku la Stellenbosch kapena la pa mchenga. Taonani kuti phiri silinamangidwe pa tsiku limodzi. Lili ndi mwayi Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo boti nalo likalephera Lachiwiri pali masiku atatu oti apemphe kusinthidwira, ngati malo alipo.

Nanga ngati tchuthi chawo chikulola kugonako kanayi kokha? Ndiye ali ndi zigawo 6. Zinayi ndi za gulu loyamba. Pa ziwiri zotsalazo, chimodzi chokha chipite ku gulu lachiwiri, china chikhale chopanda kanthu. Asankhe pakati pa Kirstenbosch ndi pakati pa mzinda, ndipo ine ndikanasankha pakati pa mzinda chifukwa pali pafupi ndi pofikira boti ndipo sipadalira nyengo kwambiri. Choipa chimene anthu amachita pamenepa n'kuchotsa mpata uja n'kusunga zonse. Pa pepala zimakwana bwinobwino, koma mphepo ikangoomba tsiku limodzi, ayamba kudzuka mbandakucha, kudya ali chiimire, ndi kukangana m'galimoto. Akakhala ndi kugonako katatu kokha, chilungamo chake n'chakuti Cape Point ichoke yonse, ulendo ukhale wa chilumba, phiri ndi mzinda, ndipo udzakhala ulendo wabwino ndithu.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani ndondomekoyo musanalipire kanthu

Musanagule tikiti ya ndege kapena kulipira pogona, tengani tsiku lililonse muliyese ndi mafunso ochepa. Kodi chinthu choyamba chitachedwa ndi ola lathunthu, chachiwiri chingathekebe? Kodi pali nthawi yokhala pansi n'kudya, kapena chakudya mwachiika m'njira? Kodi pali masiku awiri otsatizana amene muyenera kudzuka isanakwane 6 koloko? Kodi maola okhala m'galimoto, m'basi kapena m'sitima akuposa maola okhala pa malo enieniwo? Ngati yankho la funso loyamba ndi ayi pa masiku oposa limodzi, kapena la funso lomaliza ndi inde, ulendowo ndi waphuma kale musanaunyamuke. Mankhwala ake ndi awiri okha, kuonjeza usiku umodzi kapena kuchotsa chinthu chimodzi.

Ndiye pali malo ena amene kawerengedwe ka zigawo sikawagwira bwino, chifukwa chimene mwadzera sichili pa mndandanda. Ku malo osungirako nyama zakutchire, nyama sizibwera pa ola limene mwaziikira. Zimaoneka kwambiri m'mamawa ndi chakumadzulo kunja kukazizira, choncho chimene mukuwerenga ndi maulendo otuluka kukazifuna. Kugonako kamodzi kumakupatsani maulendo awiri, wa madzulo ndi wa m'mawa, kugonako katatu kumakupatsani asanu ndi limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa malo otere ine sindipita ngati sindingathe kugonako kawiri kapena katatu. Chimodzimodzi ndi malo opumulirako, a pa gombe kapena a kumapiri. Tsiku loyamba mutu umakhala ukadali ku ntchito, lachiwiri ndi pamene thupi limayamba kumasuka, ndiye kunyamuka lachitatu m'mawa n'kuchoka pamene kupumako kwangoyamba kumene.

Masiku akhozanso kuchuluka mopitirira, ngakhale kuti vuto ili ndi locheperapo. Tawuni yaing'ono imene zoona zake zonse ndi zigawo ziwiri sifuna kugonako kanayi, pokhapokha ngati mwadzera kupuma kapena mukuigwiritsa ntchito ngati pogona poyendera madera ozungulira. Muzindikira kuti mwapyola muyeso ngati pa pepala lanu zigawo zopanda kanthu zikuchuluka kuposa zodzaza, ndipo gulu lachitatu latha koma masiku akadalipo. Zikatero usiku wotsalawo upatseni malo otsatira pa ulendo wanu amene anapanikizika.

Pa ulendo wa malo angapo, chitani kawerengedwe konseka pa malo aliwonse payekha, kenaka muphatikize, n'kuonjezapo theka la tsiku kapena tsiku lonse pa kusamuka kulikonse. Nambala yotulukayo nthawi zambiri imaposa tchuthi chanu. Musadule usiku umodzi pa malo aliwonse kuti zikwane, chifukwa mukatero mwagawira phuma malo onse mofanana. Chotsani malo amodzi athunthu, makamaka amene ali kutali ndi anzake kapena amene gulu lake loyamba lili ndi chinthu chimodzi chokha. Mukachotsa malo amenewo mumapindula kawiri, masiku ake ndi tsiku limene mukanataya posamuka.

Mukabwerako, lembani penapake maola amene munathadi pa malo aliwonse, kuyerekeza ndi amene munaika pa pepala. Ine nditachita zimenezi maulendo atatu ndinazindikira kuti m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndimatopa pakatha maola awiri, koma m'misewu ya mzinda wakale ndimatha kuyenda masana onse, choncho mzinda wa misewu yotere ndimaupatsa tsiku lina loonjezera kuposa mmene mabuku a alendo amanenera, ndipo nyumba zikuluzikuluzo ndimasankhapo imodzi yokha.